Kiyi mmodzi wa nyumba, golosale ndi nkhokwe: tileke kudalira pasiwedi imodzi

Aliyense amene anagulapo foni ya tachi pa Nsaru, pa Namitete kapena pa Mpingu akudziwa mmene tsiku loyamba limayendera. Wagulitsa soya, wagula ka itel kapena ka Tecno, koma foniyo ikukana kutsitsa WhatsApp mpaka utakhala ndi akaunti ya Google. Ndiye umapita kwa mnyamata wa pabenchi uja, yemwe amatchaja mafoni ndi kuika nyimbo mu memore, kuti akutsegulire. Iye posafuna kuti mawa udzamuvutitse kuti waiwala, amakufunsa dzina ndi chaka chobadwa n'kuziphatikiza, mwinanso amangolemba nambala yako ya foni kuti ikhale pasiwedi. Ulipira kangachepe, ubwerera kumudzi uli wosangalala.

Mnyamatayo si wakuba, wangokuthandiza. Vuto ndi zomwe zimatsatira. Pasiwedi ija imakasanduka ya Facebook, ya TikTok, ya tsamba lobetchera mpira, ya fomu yofunsira ntchito yomwe inabwera pagulu la WhatsApp. Ndipo manambala anayi a kumapeto kwake ndi omwewo otsegulira foni, ndi omwewonso pini ya Airtel Money kapena TNM Mpamba. Ife tikuti chizolowezi chimenechi chafika posiyidwa, ndipo njira yomwe ingatheke kwa munthu wamba ndi kugwiritsa ntchito pulogalamu yosunga mapasiwedi. Koma pulogalamuyi si mankhwala a nthenda iliyonse, ndipo tinena poyera pomwe imalekezera.

Tiyerekeze mnyamata wa ku Kabudula wobadwa mu 1999, yemwe pasiwedi yake paliponse ndi `Kabudula1999`. Iye amaona ngati ndi yolimba chifukwa ili ndi chilembo chachikulu komanso manambala. Tsiku lina walandira linki yoti kampani ina ikugawa bandulo yaulere, angolowa ndi akaunti yake ya Facebook. Tsambalo likuoneka labuluu ngati Facebook yeniyeni. Walemba nambala yake ya foni ndi pasiwedi, bandulo osabwera, iye n'kungoti netiweki yavuta, basi waiwalako.

Amene anatchera msamphawo tsopano ali ndi zinthu ziwiri, nambala ndi pasiwedi. Choyamba amalowa pa Facebook. Kenako amayesa zomwezo pa Gmail, poti Google imalola kulowa ndi nambala ya foni yomwe inalumikizidwa ku akauntiyo. Zikatheka, nkhani yavuta, chifukwa imelo ndiye mlonda wa maakaunti ena onse. Ukadina `Forgot password` pa tsamba lililonse, uthenga wosinthira pasiwedi umapita ku imelo kapena ku nambala yako. Mwini imelo ndiye mwini zonse. Komanso mu akaunti ya Google ndi momwe mafoni ambiri amasunga manambala a anthu onse omwe unasevako, ndi zithunzi, kuphatikizapo chithunzi cha chitupa cha unzika chomwe unajambula pofunsira ntchito.

Apa tinene zoona, chifukwa pali ena amaopseza anthu mopitirira. Munthu amene ali ndi pasiwedi yako ya Facebook yokha sangatulutse ndalama mu Mpamba kapena mu Airtel Money. Kuti ndalama zichoke pamafunika simukhadi yako komanso pini. Koma wakubayo ali ndi njira ziwiri. Yachidule ndi yolembera azibale ako pa Messenger ngati ndiwe, kuti wagonekedwa kuchipatala, foni yako yafa, atumize kangachepe pa nambala ya mnzako iyi. Achemwali ako omwe ali ku Joni kapena ku Area 25 akuona dzina lako ndi chithunzi chako, akayikira bwanji? Ndalama zabedwa m'dzina lako, iwe uli kudimba osadziwa kanthu. Njira inayo ndi yopeza simukhadiyo, kaya pokubera foni pa tsiku la msika kapena ponamiza ogwira ntchito kuti nambala yako isamutsidwire pa simukhadi ina. Pini ya manambala anayi ingakhale iliyonse mwa 10,000, ndipo munthu akailakwitsa kangapo akaunti imatsekeka. Wakuba wongolota sangaipeze. Koma amene waona `Kabudula1999` safunika kulota, ayamba ndi 1999.

Musaganize kuti izi zimagwera anthu osaphunzira okha. Mu 2012 akuba analowa mu makompyuta a LinkedIn, ndipo mu 2016 maimelo ndi mapasiwedi a anthu oposa 100 miliyoni ochokera kumeneko anapezeka akugulitsidwa pa intaneti. Chaka chomwecho maakaunti a Twitter ndi Pinterest a Mark Zuckerberg, mwini wake wa Facebook, analowedwa, ndipo omwe anachita izi anati anangotenga pasiwedi yake yakale ya pa LinkedIn n'kuiyesa kwina. Ngati mkulu ameneyo anakodwa chifukwa chobwereza pasiwedi, kuli bwanji ife a pa Nambuma. Ndipo kwa inu amene pasiwedi yanu ndi nambala ya foni, kumbukirani kuti mu 2021 manambala a foni a anthu oposa 500 miliyoni a pa Facebook anatayidwa poyera pa intaneti. Ngakhale popanda zimenezo, nambala yanu ili m'buku la ejenti aliyense yemwe munatapako ndalama.

Phunziro lake ndi lakuti pasiwedi ikhoza kutuluka popanda inu kulakwitsa chilichonse. Tsamba lina laling'ono lomwe munalembetsako zaka zitatu zapitazo likabooledwa, akuba amatenga mndandanda wonse n'kuupatsa kompyuta kuti iyese pa Gmail, pa Facebook ndi kwina. Sakusaka inuyo, akungoyesa kiyi aliyense pa chitseko chilichonse. Chotchinga chokha ndi chakuti chitseko chilichonse chikhale ndi kiyi wake. Ndipo apa ndi pomwe aliyense amadandaula kuti mutu wa munthu sungasunge mapasiwedi khumi ndi asanu osiyana. Zoona, sungathe. N'chifukwa chake ntchitoyi timaipereka kwa pulogalamu.

Pulogalamu yosunga mapasiwedi ili ngati bokosi lachitsulo lokhala ndi loko mmodzi. Imakupangirani pasiwedi yaitali yosamveka, monga iyi:

```
tR7!vq2Zk#9mLx4p
```

Imaisunga mobisa, ndipo mukatsegula Facebook imakulemberani yokha. Inu simufunika kuiloweza, ngakhale kuiona kumene. Chomwe mumasunga m'mutu ndi kiyi wa bokosilo basi.

Pali phindu lina lomwe anthu salitchula kawirikawiri, koma kwa mnyamata wathu wa ku Kabudula likanapulumutsa zonse. Pulogalamuyi imaona adiresi ya tsamba, osati mtundu wake. Pasiwedi yomwe inasungidwa ya `facebook.com` siibweretsa pa tsamba lina longofanana nalo. Ndiye mukatsegula linki ya bandulo yaulere ija, n'kuona kuti foni sikukupatsani pasiwedi monga imachitira masiku onse, chimenecho ndi chizindikiro. Musakatenge pasiwediyo pamanja kuti muimatepo. Tsekani tsambalo.

Ambiri a inu muli nayo kale pulogalamu yotereyi osadziwa. Foni iliyonse ya Android yokhala ndi akaunti ya Google ili ndi Google Password Manager, yaulere. Mukatsegula Chrome, dinani timadontho titatu pakona, kenako `Settings`, muipeza pamenepo, kapena lembani `passwords.google.com`. Kauthenga kaja kamatuluka kofunsa kuti `Save password?`, komwe ambiri timangokachotsa mwachangu, ndi iyoyo. Mkati mwake muli `Checkup`, yomwe imakuuzani kuti ndi mapasiwedi angati omwe mwabwereza, ndi angati ofooka, komanso ndi ati omwe anapezeka kale m'mindandanda yobedwa. Kwa munthu amene foni ndi yake yekha, iyi ndi yokwana, ndipo siitha malo m'foni.

Koma taonani pomwe pali kufooka kwake. Kuti munthu aone mapasiwedi osungidwa mu Google Password Manager pa foni yanu, amangofunsidwa loko wa foniyo, kaya ndi pini, chala kapena kujambula kuja. Ndiye ganizani: ndi anthu angati akudziwa katsegulidwe ka foni yanu? Mng'ono wanu yemwe amaonerapo mafilimu, chibwenzi, mnzanu wobwereka kuti aone zigoli, wokonza mafoni yemwe munamuuza pamene galasi linasweka. Kwathu kuno foni ya tachi imodzi imatumikira nyumba yonse, ndipo komwe kulibe magetsi imakhala tsiku lathunthu m'manja mwa wotchaja. Ngati loko wanu ndi chilembo cha L kapena Z chomwe mafuta a chala amachita kuchionetsa pagalasi, mwasonkhanitsa makiyi onse n'kuwapachika pakhomo.

Kwa amene foni yake imadutsa m'manja ambiri, ife tikuona kuti Bitwarden ndiyo yabwino. Imapezeka pa Play Store, ntchito zonse zofunika ndi zaulere, ndipo ili ndi pasiwedi yakeyake yosiyana ndi loko wa foni. Mng'ono wanu akhoza kuonera mafilimu tsiku lonse koma bokosilo likhala lotseka. Mukailowetsa koyamba imafuna intaneti, koma pambuyo pake mukhoza kuona mapasiwedi anu ngakhale bandulo itatha. Kuti izikulemberani yokha, mumaisankha mu `Settings` ya foni pa mawu akuti `Autofill service`, omwe malo ake amasiyana foni ndi foni, ndiye kuli bwino kungowalemba posakira. Ndipo poti bokosilo limasungidwanso pa intaneti, foni ikabedwa kapena ikagwera m'chitsime mumalowa pa foni ina n'kupeza zonse zili momwemo.

Funso lomwe munthu woganiza ayenera kufunsa ndi ili: nanga kampani yosungayo ikabooledwa? Si funso lachibwana, zinachitikapo. Mu 2022 akuba anatenga mabokosi a makasitomala a kampani ina yotchuka ya LastPass. Mapasiwedi a m'mabokosiwo anali obisidwa, ndipo chotsekulira chake chinali pasiwedi yaikulu ya mwini bokosi aliyense. Amene pasiwedi yawo yaikulu inali yaifupi kapena yobwereza ndi omwe anali pa moto, chifukwa akubawo anali ndi nthawi yonse yoyesera pa makompyuta awo. Choncho zonse zagona pa pasiwedi imodzi imeneyi, ndipo ndiyofunika kuikhalira pansi.

Bitwarden imafuna zilembo zosachepera 12, koma musalekere pomwepo. Njira yosavuta ndi kutenga mawu asanu a Chichewa osagwirizana n'komwe. Tengani buku lililonse, tsegulani mwachisawawa, lozani chala osayang'ana, lembani liwu lomwe mwaloza, mubwereze kasanu pa masamba osiyana. Mupeza zinthu ngati `mpando-utsi-kalulu-sopo-mlatho`. Imeneyi musaitengere, poti yawerengedwa kale ndi aliyense pano. Isakhale mwambi, vesi, mawu a nyimbo kapena dzina la timu yanu, chifukwa zimenezo munthu wokudziwani akhoza kuzilota. Kutalika ndi kusagwirizana kwa mawuwo ndiko kumapatsa mphamvu, osati kuika `@` m'malo mwa a.

Kenako ilembeni papepala. Inde, papepala. Mwina munamvapo kuti pasiwedi salemba, koma wakuba wa pa intaneti sangafike mu sutikesi ya mayi anu momwe mumasunga satifiketi ya MSCE. Choopsa chenicheni ndi kuiwala, chifukwa a Bitwarden eni ake saidziwa pasiwedi yanu yaikulu ndipo sangakubwezereni. Mukaiwala, bokosi latsekeka ndi zonse zili mkati. Pepalalo lisakhale m'chikwama choyenda nacho kapena kuseri kwa kava ya foni, ndipo musalijambule.

Posintha mapasiwedi akale, dongosolo lake n'lofunika, ndipo apa ndi pomwe ambiri amasokoneza. Yambani ndi Gmail, osati Facebook, chifukwa kusintha ya Facebook pomwe wina ali mu imelo yanu ndi kukolopa m'nyumba denga likudontha. Lowani pa `myaccount.google.com`, pitani pa `Security`, sinthani pasiwedi. Pomwepo onani mndandanda wa mafoni omwe alowa mu akauntiyo. Mukapezapo foni yomwe simukuidziwa, kapena yakale yomwe munagulitsa, itulutseni. Onaninso nambala ndi imelo zobwezeretsera akaunti. Si zachilendo kupeza kuti nambala yomwe ili pamenepo ndi ya mnyamata uja anakutsegulirani akaunti, kapena ndi simukhadi yomwe munataya kalekale. Nambala yosiyidwa nthawi yaitali makampani amatha kuipereka kwa munthu wina, ndipo mauthenga anu achinsinsi azikafika kwa iyeyo.

Chenjezo limodzi kwa amene asankha Google Password Manager: pasiwedi ya Gmail yeniyeniyo musaipange yosamveka n'kuisunga momwemo mokha. Kutero ndi kutsekera kiyi m'nyumba. Foni ikatayika mudzafuna pasiwedi imeneyo kuti mulowe pa foni yatsopano. Kwa inu, pasiwedi ya Gmail ndiyo yaikulu ija, ya mawu asanu, ya papepala.

Mukadali pomwepo yatsani `2-Step Verification`, kuti munthu ngakhale atadziwa pasiwedi azifunsidwa umboni wachiwiri. Google imaperekanso `Backup codes`, manambala khumi ogwira kamodzi kamodzi. Alembeni pa pepala lomwe lija. Tsiku lomwe foni ndi simukhadi zapita limodzi, manambala amenewa ndi omwe adzakulowetseni. Mukamaliza Gmail, pitani pa Facebook, lolani pulogalamu ikupangireni pasiwedi yatsopano, ndipo ikakufunsani ngati mukufuna kutulutsa mafoni ena onse, vomerani. Ena otsalawo muzisintha mmodzimmodzi mukamawatsegula, palibe chifukwa chothera bandulo yonse usiku umodzi. WhatsApp ilibe pasiwedi, imadalira khodi ya manambala asanu ndi limodzi yobwera pa meseji, ndiye chitetezo chake ndi kuyatsa `Two-step verification` ndi kusauza munthu aliyense khodi imeneyo, ngakhale atanena kuti anaitumiza kwa inu molakwitsa.

Tsopano tifike pa ndalama, pomwe pulogalamu yosunga mapasiwedi mphamvu zake n'zochepa. Mukaimba `*211#` kapena `*444#`, palibe pulogalamu yomwe ingakulembereni pini. Muilemba nokha, nthawi zambiri mutaima pa kauntala ya ejenti anthu ali kumbuyo kwanu. Malangizo athu ndi akuti pini ya ndalama isasungidwe m'foni ayi, kaya mu pulogalamu, mu meseji, kapena mwa manambala a anthu pa dzina loti Pini monga ena amachitira. Chifukwa chake n'chosavuta: wakuba foni watenga kale simukhadi, chomwe chikumusowa ndi pini yokha. Musaike ziwirizi m'thumba limodzi.

Ndiye phindu la pulogalamuyi pa nkhani ya ndalama lili pati? Lili poti yakupepuzirani mutu. Mukasiya kuloweza mapasiwedi a masamba onse aja, zotsala m'mutu ndi zochepa: mawu asanu aja, loko wa foni, ndi pini ya ndalama. Zimenezo munthu angathe, ndipo chilichonse chikhoza kukhala chosiyana ndi chinzake. Pini isakhale chaka chobadwa, chifukwa chili pa chitupa cha unzika chomwe mumaonetsa kwa ejenti, chilinso pa Facebook pomwe anzanu amakufunirani zabwino chaka ndi chaka. Isakhale manambala omaliza a foni yanu, 1234 kapena 0000. Ngati muli ndi Airtel Money ndi Mpamba zonse, kapena mumagwiritsanso Mo626, chilichonse chikhale ndi pini yake. Kusintha kumachitikira pa menyu yomweyo yomwe mumatumizira ndalama, ndipo sikufuna intaneti. Loko wa foni akhale wa manambala asanu ndi limodzi, wosafanana ndi pini iliyonse, chifukwa loko ndi amene anthu amakuonani mukulemba kambirimbiri pa tsiku.

Pali kabowo kena komwe anthu ambiri sakaganizira. Foni yanu ikhoza kukhala yokhomedwa bwino, koma wakuba amangochotsa simukhadi n'kuiika mu kafoni ka mabatani, makhodi onse a Facebook ndi WhatsApp n'kumafikira kwa iye. Simukhadi nayo ili ndi loko wake, `SIM card lock`, mu `Settings`. Koma chenjerani poiyatsa: imafuna pini yoyamba ya simukhadiyo, ndipo mukalakwitsa katatu imatseka mpaka mutapeza nambala ya `PUK`. Ngati kakhadi komwe munathyolapo simukhadi munataya, funsani kaye kukampani yanu ya foni musanayambe kuyesa zolota.

Tikudziwa kuti ena anena kuti zonsezi n'zochuluka kwa munthu amene mu Mpamba mwake mumangodutsa ya ndiwo. Koma nyengo yokolola ndalama ya soya, mtedza ndi fodya imadutsa m'mafoni omwewa, ndipo achinyamata ambiri ndi amene amasungira makolo awo. Ngongole za pafoni nazo zilipo, wina akhoza kukongola m'dzina lanu. Lamulo la dziko lino la mu 2016 loona za ntchito za pa intaneti ndi chitetezo chake limaletsa kulowa mu akaunti ya munthu popanda chilolezo, koma lamulo silibweza msanga ndalama yomwe yatapidwa kale kwa ejenti wa boma lina. Kuchoka ku Nambuma kapena ku Kabudula kukalondola nkhani yotere ndi ndalama ya kabaza, ya minibasi, ndi tsiku lathunthu la ntchito.

Tili ndi pempho kwa makampani a mafoni ndi bungwe la MACRA. Mauthenga ochenjeza kuti tisauze munthu pini timawalandira, ndipo ndi abwino. Koma anthu ambiri pini sachita kuulula, amangoibwereza pamalo pomwe ena angaione. Uthenga wa Chichewa wonena kuti pini isafanane ndi chaka chobadwa kapena loko wa foni ungathandize kwambiri, ndipo makina akhoza kumakana mapini oonekeratu munthu akamasankha. Pempho lina lipite kwa anyamata otsegulira anthu maakaunti m'misika yathu, poti ndi inu aphunzitsi enieni a intaneti kumudzi kuno. Mpatseni kasitomala foni alembe yekha pasiwedi inu mutayang'ana kumbali, ikani nambala yake osati yanu, ndipo mumuonetse pomwe pali Google Password Manager asananyamuke. Mukhoza kulipiritsa kangachepe pa ntchito imeneyi, anthu alipira.

Foni ikatayika lero, choyamba ndi kubwereka ya mnzanu n'kuimbira kampani yanu kuti atseke simukhadi, musanapite n'komwe kupolisi. Kenako tengani pepala lija mu sutikesi, lowani mu Gmail pa foni ya munthu yemwe mumamukhulupirira, tulutsani foni yotayikayo pa mndandanda uja, ndipo mukamaliza mutulukenso mu foni yobwerekayo. Ikakufunsani kuti `Save password?` pa foni ya eni ake, yankho ndi ayi.